Fomu ikangoti zii, musathokoze msanga

Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi anandiimbira foni tsiku lina m'mamawa, mawu ali m'mwamba. Webusaiti yawo sindinapange ndine, koma kwathu kuno ukangodziwika kuti umakonza za makompyuta, wasanduka sing'anga wa mudzi wonse.

"Achimwene, kuno kwachitika zodabwitsa. Kwabwera bambo wina wa mpingo wa ku Zomba, akuti analemba kawiri pa fomu yathu ija kufuna malo a anthu 18, ife osayankha. Pano gulu lawo lagona kwa aneba. Inetu uthengawo sindinauone ngakhale pang'ono."

Ndinawafunsa ngati mauthenga ena ankafika.

"Kale ankabwera ambirimbiri, achabechabe okhaokha, ena m'zinenero zosamveka. Mnyamata amene anatipangira uja anakonza, ndiye kunangoti zii. Ine n'kumathokoza Mulungu."

Chete ameneyo ndiye anali matenda. Mnyamatayo anatseka khomo kuti mbuzi zisalowe, ndipo alendo nawonso anatsala panja.

Fomu imene tikunenayi ndi timabokosi tija timakhala pa tsamba lakuti "tilembereni", pomwe munthu amaikapo dzina, nambala ya foni ndi funso lake, kenako n'kudina batani. Mukangoiika pa intaneti, sipatenga masiku ambiri isanayambe kulandira sipamu, mauthenga amene palibe anawapempha: otsatsa mankhwala, olonjeza kukweza webusaiti yanu pa Google, ndi ena onyamula malinki a akuba. Walira mvula walira matope. Ambiri mwa mauthengawa salembedwa ndi munthu. Amatumizidwa ndi timapulogalamu toyendayenda usana ndi usiku, tomwe tikapeza bokosi lililonse timalidzaza n'kupita kwina. Ndizititchula timaloboti, ngakhale tilibe chibale ndi maloboti a pamsewu.

Mwini fomu angalakwitse m'njira ziwiri, ndipo sizilemera mofanana. Akalola sipamu kulowa, amaiona ndi maso, amakwiya, amaifufuta, nkhani yatha m'masekondi angapo. Akatsekereza uthenga weniweni, palibe chomwe chimaoneka. Wolembayo sadandaula, amangoganiza kuti eni ake ndi amwano, n'kukafunsa kwina. Bambo wa ku Zomba uja tinamudziwa chifukwa choti anachita kubwera yekha kudzadandaula. Choncho okonza mawebusaitife timakonda kumangitsa chingwe mopyola muyeso, popeza dandaulo lomwe timalimva ndi la mbali imodzi yokha.

Kalata yabodza yomwe tinkalemba tokha

Nditatsegula webusaiti ya mayiwo, vuto loyamba limene ndinapeza silinali pa zotchinga sipamu n'komwe. Linali pa katumizidwe ka imelo.

Munthu akadina batani, si iye amene amatumiza imelo. Seva yomwe imasunga webusaiti ndiyo imalemba kalata n'kuitumiza kwa mwini wake. Kalata iliyonse imakhala ndi mzere wonena kumene yachokera, wotchedwa `From`. Mnyamata uja anachita zomwe ambiri tinkachita kale: pa mzerewu ankaikapo adiresi ya mlendo, kuti mayi akadina poyankhira yankho lipite kwa mlendoyo. Zimaoneka zanzeru, koma taganizani mmene Gmail ya mayi inkaionera kalatayo. Ikunena kuti yachokera ku Yahoo, pomwe yatuluka mu seva ina yake imene Yahoo sakuidziwa. Ndi chimodzimodzi kalata ya mutu wa boma yopanda chidindo, yobwera ndi mnyamata wa kabaza.

Makampani a imelo ali ndi njira zitatu zogwirira chinyengo chotere. SPF ndi mndandanda umene mwini dzina la webusaiti amalengeza, wa maseva ololedwa kutumiza makalata m'dzina lake. DKIM ndi siginecha yobisika imene seva yotumiza imadinda pa kalata. DMARC ndi lamulo limene mwini dzinalo amapereka kwa olandira, lonena zochita ndi kalata yolephera mayesowa. Mu Epulo 2014 Yahoo inaika lamulo lake pa `p=reject`, kutanthauza kuti kalata yonamizira kuchokera ku Yahoo ikanidwe pakhomo pomwepo. Bambo wa ku Zomba anali ndi adiresi ya Yahoo. Makalata ake awiri aja sanafike ngakhale mu `Spam`. Anabwezedwa, ndipo chidziwitso chakuti abwezedwa chinagwera m'kabokosi ka pa seva komwe palibe ankatsegula. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail inakhwimitsanso zinthu: aliyense wotumiza makalata kwa anthu a Gmail ayenera kukhala ndi SPF kapena DKIM.

Mankhwala ake ndi osavuta. Kalata ichokere ku adiresi ya webusaiti yomweyo, ndipo adiresi ya mlendo ipite pa mzere wina wa poyankhira:

```
From: Fomu <fomu@example.com>
Reply-To: mlendo@example.org
Subject: Funso 214
```

Mayi akadina poyankhira, yankho limapitabe kwa mlendo, koma tsopano palibe bodza. Chotsala n'kuonetsetsa kuti seva yotumizayo yalembedwa pa SPF ya dzina la webusaitiyo ndipo ikudinda DKIM. Njira yodalirika ndi kutumiza kudzera mu akaunti yeniyeni ya imelo yolowa ndi pasiwedi, m'malo mongosiyira seva ya webusaiti kuti iziponya yokha. Kuti mudziwe ngati zatheka simufunika katswiri. Tsegulani pa kompyuta kalata imodzi yochokera ku fomu mu Gmail, dinani timadontho titatu, musankhe `Show original`. Pamwamba payenera kuoneka `PASS` pa SPF ndi pa DKIM. Mukaona `FAIL`, dziwani kuti makalata ena akusowa m'njira.

Palinso chinyengo china chaching'ono chomwe chimapusitsa anthu ambiri. Fomu ikalemba kuti "uthenga wanu watumizidwa", nthawi zambiri imangotanthauza kuti seva yavomera kunyamula kalatayo. Mu PHP, lamulo la `mail()` limayankha `true` kalata ikangolandiridwa kuti itumizidwe, kaya ikafika kaya ayi. Kondakitala walandira katundu ku depoti, koma zakuti wafika ku Monkey Bay ndi nkhani ina.

Lembani m'kaundula kaye

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yonse. Imelo isakhale malo okhawo kumene uthenga ukukhala. Munthu akadina batani, chinthu choyamba n'kulemba uthengawo m'kaundula wa pa seva, ndi tsiku ndi nthawi yake. Kuuyeza ngati ndi sipamu kubwere pambuyo, kutumiza imelo kubwere pomaliza. Zikatero imelo imangokhala belu lodziwitsa kuti kwabwera mlendo. Belu likafa, mlendo amakhala alipobe pakhonde.

Zimadabwitsa kuti mafomu ambiri sachita zimenezi. Contact Form 7, imodzi mwa mapulogalamu ofala kwambiri a mafomu pa WordPress, payokha sisunga uthenga uliwonse. Amene anaipanga anapanganso ina yotchedwa Flamingo yogwira ntchito yosungayo, koma imafunika kuiika padera, ndipo ambiri saiika. Ya mayi aja inalibe chosungira chilichonse, choncho mafunso onse amene anatayika miyezi imeneyo anapitiratu.

Chinthu chachiwiri ndinachitenga ku buku la malisiti. Wogulitsa aliyense amadziwa kuti akaona lisiti 214 kenako 216, ndiye kuti wina wang'amba tsamba. Tinachita chimodzimodzi: uthenga uliwonse wopita kwa mayi umalandira nambala yotsatana ndi unzake, ndipo nambalayo imaoneka pa mutu wa imelo. Ikadumpha, mayi amadziwa tsiku lomwelo kuti pali kalata yosowa, ndipo amakaipeza m'kaundula. Mlendo nayenso amaona nambala pa sikirini akamaliza kutumiza, pamodzi ndi mawu akuti ngati sanayankhidwe pofika mawa madzulo aimbe foni.

Kusunga kuli ndi udindo wake. Mmenemo muli mayina ndi manambala a foni a anthu, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zoterezi. Kaundulayo atsekedwe ndi pasiwedi yolimba, ndipo zakale zizifufutidwa pakapita nthawi imene mwagwirizana.

Kupeta, osati kutaya

Popeza chilichonse chikusungidwa, tsopano tingathe kulimbana ndi sipamu mopanda mantha. Mayi wopeta chimanga sataya zonse zomwe zagwa pa lichero. Amazisonkhanitsa pambali, n'kudzatolamo maso a chimanga amene anapita ndi mankhusu. Fomu yabwino imachitanso chomwecho: yokayikitsa imaiika pambali, ndipo palibe chizindikiro chimodzi chomwe chimaloledwa kugamula mlandu pachokha.

Msampha woyamba ndi bokosi lobisika. Timaika pa fomu bokosi lina limene maso a munthu saliona, koma kaloboti, komwe kamawerenga zolembedwa za kuseri kwa tsamba, kamaliona n'kulidzaza.

```html
<div class="kuseri" style="position:absolute;left:-9999px" aria-hidden="true">
  <input name="chiwaya" tabindex="-1" autocomplete="off">
</div>
```

Dzina lakuti `chiwaya` sindinaliike mongoseka. Mafoni ndi makompyuta amakonda kuthandiza eni ake podzaza okha mabokosi amene akuwazindikira. Bokosi lobisikalo mukalitcha `email` kapena `address`, foni ya mlendo weniweni ingalidzaze iye osadziwa, ndipo msampha wa mbewa wagwira nkhuku ya pakhomo. Dzina lopanda tanthauzo kwa foni limachepetsa ngoziyi, ngakhale silimaithetseratu, n'chifukwa chake msamphawu sitiupatsa mphamvu yofufuta uthenga.

Msampha wachiwiri ndi wotchi. Seva imalemba nthawi imene tsamba latsegulidwa, n'kuyerekeza ndi nthawi imene batani ladinidwa. Munthu sangalembe dzina, nambala ndi funso m'masekondi atatu, pomwe kaloboti kamatha m'kuphethira kwa diso. Chenjezo lili kumbali inayo. Ena amaika malire akuti fomu ikakhala yotsegula mphindi 15 kapena 30 ndiye yafa. Kuno munthu amayamba kulemba, bandulo n'kutha, n'kupita kukagula ina pa golosale, kapena magetsi azima, netiweki n'kuthawa. Wobwerera patatha maola awiri ndi kasitomala wofunitsitsa kuposa onse, ndipo asapeze zomwe analemba zitafufutika.

Chachitatu ndi kuwerenga malinki. Wofuna chipinda kawirikawiri saika linki, pomwe wotsatsa malonda amaika angapo.

Pa fomu ya mayi tinapatsa zizindikirozi mapointi. Bokosi lobisika likadzazidwa ndi mapointi 3. Kutumiza masekondi atatu asanakwane ndi 2. Malinki opitirira awiri ndi 2. Uthenga wofanana ndendende ndi wina umene wabwera kale tsiku lomwelo ndi 1. Wosapitirira mapointi 2 umapita kwa mayi nthawi yomweyo. Wa mapointi 3 kapena 4 umalowa m'dengu la zokayikitsa. Wa 5 kupita m'mwamba umasungidwa mwakachetechete kwa masiku 30 popanda kuvutitsa munthu. Manambalawa si lamulo la Mose, tinawasankha ife, ndipo mwini fomu aliyense amawasintha akaona zimene zikugwera m'dengu lake.

Tiyerekeze mauthenga atatu. Woyamba ukuti pali gulu la aphunzitsi lofuna zipinda zisanu Loweruka. Walembedwa m'mphindi zinayi, ulibe linki, bokosi lobisika lili mbee. Mapointi 0, wapita. Wachiwiri wafika m'sekondi imodzi, uli ndi malinki asanu ndi limodzi, ndipo `chiwaya` chadzazidwa. Mapointi 7, palibe woudandaula. Wachitatu ndi umene umandisangalatsa. Mtsikana wokonza ukwati wa mchemwali wake anali atalemba kale funso lake pa WhatsApp, ndiye wangolikopera n'kulimata, foni n'kumudzazira dzina ndi nambala. Zonse zatha m'masekondi awiri, ndipo waikamo malinki atatu a zithunzi za makongoletsedwe amene akufuna. Mapointi 4. Fomu yakale ikanaumeza uthengawu, n'kumuuzanso mtsikanayo kuti zikomo. Yatsopano imauika m'dengu.

Dengu lopanda wolitsegula ndi dzala chabe. Choncho m'mawa uliwonse nthawi ya 7 koloko seva imatumizira mayi kalata imodzi, yonena kuti dzulo kwabwera mauthenga angati, ndi mzere woyamba wa uliwonse wa m'dengu. Kuwerenga kwake sikutha mphindi. Kalatayi imabwera ngakhale tsiku limene sikunabwere kanthu, ndipo tinachitira dala: m'mawa umene sidzafika, mayi adzadziwa kuti njira ya imelo yaduka.

Zotchinga zomwe ndinachotsa

Mnyamata uja anali ataika zinthu zinanso zomwe m'mabuku zimaoneka zabwino, koma pa malo ano zinkaluma eni khomo.

Bokosi la dzina linkangolola zilembo 26 za alifabeti. Aliyense wa kwa Ng'oma kapena M'manga ankauzidwa kuti dzina lake ndi lolakwika chifukwa cha kachizindikiro ka pamwamba kaja, ndipo wolemba ŵ naye ankabwezedwa. Bokosi la foni linkafuna manambala khumi ndendende. Wolemba 099 kapena 088 ankadutsa, koma woyamba ndi +265, kapena m'bale wa ku Joni woyamba ndi +27, ankakanidwa. Bokosi la imelo linali lokakamiza, pomwe anthu ambiri ofuna malo kuno amayendera WhatsApp ndipo imelo anaitsegula tsiku logula foni lokha. Tsopano fomu imapempha chimodzi mwa ziwirizi, foni kapena imelo, ndipo imalandira nambala mmene munthu wailembera.

Panalinso mndandanda wa mawu oletsedwa. Pamndandandapo panali `cialis`, dzina la mankhwala amene otumiza sipamu amakonda kutsatsa. Tsoka ilo, zilembo zomwezo zili m'kati mwa mawu akuti `specialist`, ndiye bungwe lililonse lofuna malo a msonkhano wa akatswiri linkatayidwa limodzi ndi ogulitsa mankhwala. Ndinauchotsa wonse.

Kuchepetsa mauthenga ochokera pa adiresi imodzi ya intaneti n'kothandiza kaloboti kakayamba kuponya mazanamazana, koma malire ake akhale otakasuka. Makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri adiresi imodzi, moti malire a uthenga umodzi pa ola angatsekereze munthu chifukwa cha mnzake amene sanamuonepo. Kutsekera mayiko athunthu ndiye sindikufuna n'kukumva komwe pa malo amene amadya za alendo akunja.

Nanga mayeso aja a zithunzi? Pa fomu ya mayi panali reCAPTCHA, ya Google kuyambira 2009, ija imakufunsa kuti usankhe zithunzi zonse zomwe muli mipope yozimitsira moto ya m'misewu ya ku Amereka. Ndinaonapo bambo wina wachikulire akuyang'anitsitsa timabokosi timeneti pa foni yong'aluka galasi, osadziwa kuti chinthucho n'chiyani, popeza sanachionepo chibadwire. Zithunzizo zimadya bandulo, pa netiweki yofooka zimakanirira, ndipo kwa munthu wosaona ndi chipupa. Mitundu yatsopano siifunsa zithunzi kawirikawiri. reCAPTCHA v3, ya 2018, imangopereka malikisi kuyambira 0.0 mpaka 1.0, ndipo Turnstile ya Cloudflare, ya 2022, imayeza mwakachetechete. Ngati sipamu yachuluka moti misampha ija yalephera, ikani imodzi mwa zimenezi, koma malikisi ake alowe m'gulu la mapointi aja, asakhale woweruza. Ambiri amangoika malire pa 0.5 n'kutaya onse otsika, osafunsa kuti otsikawo ndi ndani. Ndipo chida choyezeracho chikalephera kutseguka pa foni ya mlendo, uthenga upite m'dengu, usakanidwe.

Pali sipamu ina imene palibe msampha ungaigwire, yolembedwa ndi munthu weniweni wolipidwa kuti azidzaza mafomu tsiku lonse. Ameneyo amadikira masekondi ake, bokosi lobisika saliona, zithunzi amasankha bwinobwino. Ndinawauza mayi kuti awiri kapena atatu otere pa sabata azingowafufuta, chifukwa chingwe chomwe chingagwire amenewa chingagwirenso gulu la mpingo lija.

Chinthu chimodzi chimene anandipempha ndinakana. Ankafuna kuti fomu izitumizira mlendo aliyense kalata yothokoza yokhala ndi zonse zimene walemba. Vuto lake n'lakuti kaloboti kangalembe adiresi ya munthu wosalakwa pa bokosi la imelo, malonda ake pa bokosi la uthenga, ndipo seva ya mayi ndi imene ingakapereke sipamuyo m'dzina lawo. Zikachitika kangapo, Gmail imayamba kukayikira makalata onse ochokera ku dzinalo, kuphatikizapo a fomu aja. Tinagwirizana kuti kalata yothokoza izikhala ndi nambala ya funso yokha, ndipo izipita kwa okhawo amene uthenga wawo sunagwere m'dengu.

Mbali yomaliza inali m'foni ya mayi momwe. Gmail imafufuta yokha zonse za mu `Spam` pakatha masiku 30, choncho tinaika sefa yakuti kalata iliyonse yochokera ku adiresi ya fomu ilandire `Never send it to Spam`. Tinaonanso kuti malo awo aulere a 15 GB anali pafupi kudzaza ndi zithunzi za zidzukulu, ndipo bokosi lodzaza sililandira kalata. Tinawonjezera adiresi yachiwiri, ya mwana wawo amene amathandiza pa malowo, kuti belu lizilira m'nyumba ziwiri.

Tisanasiyane ndinawapempha chinthu chimodzi. Pa 1 mwezi uliwonse, komanso tsiku lililonse limene munthu wagwira webusaitiyo, atenge foni ya wantchito wawo, azimitse intaneti ya pamalopo, alowe ndi bandulo ngati mlendo wamba, alembe funso n'kudikira kuti lifike.

"Ndiye ndizidzilembera ndekha kalata, achimwene? Anthu adzati mayi aja zayamba kuwazungulira."

Mwezi wachitatu anandiimbiranso. Kalata ya 7 koloko inali isanabwere masiku awiri, ndipo funso lawo loyesera silinafike. Mwana wawo anali atasintha pasiwedi ya akaunti yotumizira, osadziwa kuti fomu nayo imalowera pomwepo. M'kaundula munali mafunso anayi akudikira, ndipo mayi anawayankha onse dzuwa lisanapendeke.